Kuwiritsa mkaka osasefukira komanso osapserera pansi pa poto

Mkaka womwe ndikunena pano ndi uja wa ng'ombe weniweni, wosaphitsa, umene bambo ena amatibweretsera kuno ku Area 25 m'mamawa panjinga, uli m'chigubu, kuchokera cha ku Lumbadzi uko. Ine ndimagula malita awiri Loweruka lililonse. Umenewu sungaumwe osawiritsa, ng'ombe zimatha kukhala ndi TB kapenanso matenda ena aja amachititsa kuti zizitaya bere, ndipo zonsezi zimadutsira mumkaka kubwera kwa munthu. Ndiye kuwiritsako ndi kokakamiza basi. Vuto ndi loti mkaka pamoto uli ndi makani awiri, kusefukira ndi kupserera, ndipo ine ndinatha zaka ndikulimbana ndi kusefukira kokha osadziwa kuti chomwe chimandionongera mkaka kwambiri chikuchitika pansi pomwe maso sakuona.

Tsiku lomwe ndinaphunzira kunali apongozi pakhomo, abwera kuchokera ku Dedza. Ndinasonkha mbaula makala odzadza, moto uli lawilawi, nkutereka sefuliya yanga yopyapyala ija ndi mkaka wonse, ine chilili pompo maso ali pamkaka ngati mlonda kuti usasefukire. Sunasefukiredi. Koma nditathira mutiyi fungo lake linali lautsi, kowawira kukhosi. Apongozi anangopsontha kamodzi nkuika kapu pansi, amvekere "Mayi a Chiso, mkakawu munautakasa?" Ine "ayi amayi, ndimangouyang'anira." Iwo "mumayang'ana kumwamba pomwe moto uli pansi." Nditakhuthula sefuliya ija pansi ponse panali nkhoko yabulauni, pakati penipeni yakuda bii.

Kuti malangizowa amveke tiyambe kaye ndi chomwe chimachitika m'potomo, chifukwa ukachidziwa sulowezanso chilichonse.

Madzi wamba akamawira, nthunzi imapangika pansi, timathovu timakwera, tikafika pamwamba timaphulika phu phu nthunzi nkupita. Palibe chotigwira. Mkaka nawo ndi madzi ndithu, pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse, koma otsalawo ndi mafuta, mapuloteni ndi shuga wake wachilengedwe wa mumkaka. Mapuloteniwo ndi omwe amayambitsa nkhani. Ena mwa iwo kutentha kukangopitirira madigiri 70 amayamba kusintha ngati mmene limachitira dzira ukaliswera pamoto, amagwirana okhaokha. Pamwamba pa mkaka pamene madzi akuuluka, mapuloteniwa amagwirana ndi mafuta nkupanga kachikopa kaja ana amadana nako mutiyi. Kachikopako ndi chivundikiro chomwe mkaka wadzivundikira wokha. Pansi pake nthunzi ikubwera koma yasowa potulukira.

Chinanso, timathovu ta mumkaka sitiphulika msanga ngati ta m'madzi chifukwa mapuloteni omwewo amatikuta, kali konse kamakhala ndi kakhungu kake kolimbirako. Ndiye timangounjikana, tina pansi tina pamwamba, thovu nkumakula kumanyamula kachikopa kaja mpaka pamlomo pa poto. Ndipo nthunzi si chinthu chochepa, madzi akasanduka nthunzi amatenga malo ochuluka kupitirira ka 1,600 poyerekeza ndi mmene analili. Kasipuni kamodzi ka madzi kasanduka malita angapo a nthunzi. Nchifukwa chake mkaka umaoneka waulemu mphindi khumi zonse, iwe nkungotembenuka kuti utenge masamba a tiyi, pobwerera wazimitsa kale mbaula phulusa lili mbuu nyumba yonse kununkha.

Kupserera ndi nkhani ina ndipo imayamba kale kwambiri mkaka usanaganize nkomwe zowira. Chitsulo cha pansi pa poto ndi chomwe chimatentha kuposa malo ena onse. Mapuloteni akachikhudza amamatirira pompo, poyamba kamakhala kansalu koyera kopyapyala koti sungakaone. Kansalu kameneko kakangokhazikika kamatchinga, kutentha kwa moto sikudutsanso bwino kupita mumkaka, ndiye chitsulo pamalo pamenepo chimatentha kupitirira mmene madzi amawirira. Shuga wa mumkaka ndi mapuloteni zomwe zakanirira pamenepo zimayamba kufiira, kenako bulauni, kenako makala. Fungo lautsi lija limalowerera mkaka onse olo pamwamba pakuoneka poyera bwinobwino. Choncho munthu amene wangoima kudikira kuti mkaka ukwere, osautakasa, akuteteza mbaula yake koma mkakawo ukupsa iye akuona.

Tsopano mmene ndimachitira ndi malita anga awiri aja.

Ndimayamba ndi kuyesa mkakawo, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala pomwe mkaka wayenda panjinga padzuwa. Ndimatunga pang'ono pasipuni yaikulu nkuiika pamoto mpaka uwire. Ukawira uli bwinobwino, tipitirize. Ukadukaduka nkupanga timibulu, madzi kwaokha, ndiye kuti unayamba kale kusasa ndipo ukauthira wonse m'poto udukanso chimodzimodzi, timibulu timeneto nkukhala pansi nkupserera. Pamenepo vuto si kaphikidwe kanu ayi, musavutike nkusintha mapoto. Ndimausefanso pakansalu koyera kapena kasefa ka tiyi, mkaka wa kukhola sulephera kaubweya kapena kaudzu.

Poto. Apa mpomwe ambiri timalakwa chifukwa timasankha poto wokwana mkakawo ndendende. Malita awiri ine ndimathira m'poto wa malita asanu, kutanthauza kuti mkaka usafike olo theka. Malo otsalawo ndi nthawi yanu, thovu likayamba kukwera limakhala ndi ulendo wautali lisanafike pamlomo, inu nkupeza mpata wophula. Ndipo akhale wokhuthala pansi. Sefuliya zopyapyala zija timagula mumsika wa Lilongwe nzabwino kuwiritsira madzi osamba ndi kufutsa masamba, koma chitsulo chopyapyala chimatentha malo amodzi pomwe lawi likugunda, pena pali pozizirirapo, ndiye pamalo otenthawo mpomwe nkhoko imayambira. Mapoto olemera aja osungunula amagawa kutentha pansi ponse mofanana. Ngati mulibe, pali njira ina ndiinena kumunsiku. Potoyo akhalenso wosalala mkati, wopanda zotsalira za dzulo, chifukwa paliponse pokhakhala mkaka umagwirirapo. Poto wophikira usipa musayerekeze, mkaka umatenga fungo msanga zedi.

Ndisanathire mkaka ndimatsukuluza potoyo ndi madzi ozizira, nkukhuthula koma osapukuta, patsale timadzi tonyowetsa pansi ponse, mwina masipuni awiri. Iyi ndinaphunzira kwa apongozi omwewo. Imathandizadi pang'ono, mkaka sufikira pachitsulo chouma ndipo potsuka pamakhala pofewerapo, koma ndisakunamizeni kuti yokha ingakupulumutseni. Ndinayesapo kunyowetsa poto kenako nkumusiya pamoto waukali osatakasa, anapserera ndithu. Ndipo osatereka poto wopanda kanthu kuti atenthe kaye kenako nkuthiramo mkaka, ukangomva "tswee" pothira dziwa kuti kansalu koyamba kamatirira kale.

Moto. Pambaula musatereke mkaka makala akadali ndi malawi. Ine ndimauika pambuyo, ndikaphika phala kapena kuwiritsa madzi a tiyi, makala atayamba kuvala kaphulusa koyera pamwamba. Ndimawasalaza kuti pasakhale khala limodzi lotumphuka lokhudza poto, ndipo ngati akadali aukali ndimawazapo phulusa pang'ono kapena kutseka kachitseko ka mbaula kuti mphepo isamalowe. Muyeso wanga ndi dzanja, ndikaliika pamwamba pa makala cha pomwe pakhale poto, kutalikirako pang'ono, ndizitha kuwerenga mpaka faifi ndisanalichotse. Pagasi ndi posavuta, lawi lapakatikati lomwe silikutulukira m'mbali mwa poto. Pahotipuleti yoyambira 1 mpaka 6 ndimaika pa 3, ndikachedwa kwambiri pa 4, pa 6 ayi.

Ndikudziwa makala adula ndipo mayunitsi amathamanga, munthu umafuna zithe msanga. Koma malita awiri pamoto woterewu amanditengera mphindi 15 mpaka 20, pamoto waukali mwina 8. Mphindi khumi zomwe wapulumutsazo umakazibweza pasinki ukukwecha poto theka la ola, kuphatikizapo mkaka womwe ana aukana.

Chivundikiro chisiyeni patali. Mukavundikira simuona kanthu, ndipo nthunzi yatsekeredwa kawiri.

Kutakasa ndiye ntchito yeniyeni. Ndimagwiritsa ntchito mthiko wa mkaka wokha, wosalala kumapeto, chifukwa chofunika si kuzunguza mkaka pamwamba ayi koma kuti mthikowo uzikhula pansi pa poto. Kuzunguliza pakatikati ngati ukusungunula shuga m'kapu palibe chomwe wachita. Uzimva mthiko ukuyenda pachitsulo, kupita uku kubwerera uku, kenako kuzungulira m'ngodya momwe pansi pakumana ndi khoma la poto, mmenemo ndi momwe mumabisala nkhoko. Dzanja limakuuza zambiri kuposa maso. Pansi pakakhala poyera mthiko umatsetsereka. Ukayamba kumva kukakamira, ngati ukuyenda pamchenga kapena pali kena kake kofewa kakugwira, ndiye kuti kansalu kayamba, chepetsa moto pompo. Ukhozanso kutukula mthiko nkuona kunsonga kwake, pakakhala zoyera zomatirira ukadali bwino, zikakhala zachikasu kapena zabulauni wachedwa, ndinena zochita.

Mphindi zisanu zoyambirira mkaka ukadali wozizira sindikhala ndikutakasa osalekeza, kamodzi pamphindi iliyonse zimakwana, ndikhoza kutsuka makapu ndili pompo. Ukayamba kufuka kautsi koyera pamwamba ndimatakasa pafupipafupi, masekondi 20 kapena 30 alionse. Kutakasa komweku kukuswanso kachikopa kapamwamba kasanalimbe, ndiye mthiko umodzi ukugwira ntchito ziwiri.

Kenako mkaka umayamba kupereka zizindikiro, ndipo zimabwera mwa dongosolo lomwelo nthawi zonse. Choyamba timathovu tating'onoting'ono m'mbali mwa poto kuzungulira ngati mkanda. Apa mkaka watentha kale kwambiri koma sunawire. Kenako pamwamba pamayamba kunjenjemera, ukasiya kutakasa pang'ono kachikopa kamachita makwinya. Kenako phokoso limasintha, kaphokoso kosisita kaja kamachepa ndipo mkaka umaoneka ngati watupa pakati. Mukaona mkanda uja m'mbali, foni pansi, mwana akalira alire kaye, wogogoda pageti adikire. Kuchoka pamenepo kufika posefukira zitha kukhala mphindi ziwiri kapena zosakwana.

Ukayamba kukwera, phulani poto. Osati kuchepetsa moto, kuphula. Pagasi pokha mpomwe kuzimitsa kumathandiza nthawi yomweyo. Hotipuleti yachitsulo ija olo muithimitse imakhalabe yotentha mphindi zingapo, mkaka umapitiriza kukwera inu mukuyang'ana batani lili pa 0, ndipo mbaula ilibe batani nkomwe. Ndiye kansalu kogwirira poto kakhale pafupi musanayambe, komanso malo oterekapo akhale okonzeka, osati poto ali m'manja thovu likubwera inu nkumasuntha mbale ndi chigongono. Mukangophula thovu limaphwa lokha m'masekondi ochepa. Ine ndimautakasa, nkuubwezera pamoto wochepa, ukakweranso nkuphulanso, kuti uwire ndithu mphindi ziwiri kapena zitatu. Zakwana. Kufakitale amapha tizilombo ndi madigiri 72 kwa masekondi 15 okha, ndiye mkaka womwe wawira mpaka kukwera wadutsa pamenepo kutali. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda, mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, zinthu zimawira cha pa madigiri 96 kapena 97 m'malo mwa 100, komabe nzokwanira kwambiri. Kuusiya ukubwata theka la ola ati kuti upse bwino ndi kungoonjezera nkhoko, mkaka kumachepa ndi kukoma kumasintha.

Za kugoneka mthiko pamwamba pa poto, anthu amazikonda. Zimagwira pang'ono chifukwa thovu likakhudza mthiko wouma wozizira limaphulika, koma mthikowo ukangonyowa nkutentha basi mphamvu yatha, thovu limaudutsa. Ndi masekondi ochepa ongogula. Chimodzimodzi kupaka majarini kumlomo kwa poto, kapena kuuzira, kapena kuwaza timadzi tozizira. Zonsezi nzothandiza uli pompo, palibe ndi imodzi yomwe yoti ungadalire nkupita kukaanika zovala.

Shuga thirani mkaka utaphulidwa. Mukathira poyamba osatakasa mpaka asungunuke amakakhala pansi, ndipo shuga pachitsulo chotentha mukudziwa mmene amachitira.

Aja a sefuliya yopyapyala, kapena hotipuleti yoti inafa mabatani imangoyaka moto umodzi, chitani izi. Tengani sefuliya yaikulu muthiremo madzi, mkatimo muikemo poto wamng'ono wa mkaka, madziwo afike cha pomwe mkaka walekezera. Pansi pakati pa mapoto awiriwo ikanipo masipuni awiri kapena kansalu kopinda kuti zitsulo zisagundane. Mkaka tsopano ukutenthedwa ndi madzi osati moto, ndipo madzi sangatenthe kuposa mmene amawirira, ndiye sungapserere komanso sungasefukire. Kuipa kwake nkoti zimachedwa ndipo zimadya makala, mkakawo subwata kwenikweni. Kwa mkaka wosaphitsa dikirani mpaka madzi akunjawo abwate, mkaka ufuke nthunzi kwambiri ndi kachikopa pamwamba, mukatero muusiyebe mphindi zina khumi mukutakasa apo ndi apo. Ine njirayi ndimaigwiritsa ntchito ndikakhala ndekha ndi mwana wakhanda wa achemwali, pomwe ndikudziwa kuti sindiima malo amodzi.

Nanga zikachitika kuti wapserera? Chinthu choyamba chomwe dzanja limafuna ndi kukanda pansi kuti uone kukula kwa vuto. Musatero. Mukakanda mwamwaza zakupsazo mumkaka onse. Phulani, tsanulirani mkakawo pang'onopang'ono m'poto wina woyera, wakumapeto wokhudza nkhokowo muusiye. Lawani. Ngati nkhoko inali yachikasu kapena bulauni wowala nthawi zambiri mkaka umakhala bho, umangokoma ngati wakazingidwa pang'ono, m'phala kapena m'mandasi palibe angadziwe. Ngati inali yakuda ndipo fungo lautsi lalowa, palibe mankhwala, kaya mchere kaya shuga kaya chani, ndinayesa zonse tsiku la apongozi lija ndipo tinamwa tiyi wamadzi.

Poto wopsererayo osalimbana naye nthawi yomweyo. Akazizirako thiranimo madzi ndi kasopo kaufa, muwiritse mphindi khumi pamakala otsala, musiye azizire, nkhoko imafewa nkumachoka ndi mthiko. Ngati ndi poto wa sitilu mukhoza kuthira sipuni ya soda, koma mapoto a aluminiyamu soda amawadetsa mkati. Kukwecha ndi mchenga kapena mpeni kumasiya mikwingwirima, ndipo mikwingwirima imeneyo ndi momwe mkaka wa Loweruka linalo udzagwirire.

Mkaka ukapsa bwino sindiusiya m'poto uli pambali pa mbaula kuti uzizire wokha tsiku lonse. Ndimautsanulira m'jagi yoyera yotsukuluza ndi madzi otentha, nkuimika jagiyo m'beseni la madzi ozizira, madzi akafunda kusintha, kenako kuvundikira nkuika mufiliji. Mukamautakasa pozizira kachikopa sikapangika kwambiri. Kwathu sindivutika nazo chifukwa bambo a Chiso kachikopako amakakonda, amakadyera buledi. Ngati filiji palibe kapena magetsi apita, wiritsani womwe mumalize tsiku lomwelo, nyengo yotentha sugona.

Mkaka wa m'mapaketi wa m'shopu, kaya wa mufiliji kaya uja wokhalitsa pashelefu, anauphitsa kale kufakitale. Ngati paketi mwangotsegula kumene palibe chifukwa chouwiritsira mpaka ukwere, ungoutenthetsa mpaka kamkanda kaja kaoneke m'mbali nkuphula. Waufa ndiye musauike pamoto nkomwe, wiritsani madzi paokha, muphule, musungunule ufawo m'kapu ndi timadzi pang'ono kaye kuti usachite mibulu, kenako muonjezere otenthawo.